A Chidendene Apempha Maola Anayi

A Chidendene sakuyang'anani kumaso mukamabwera. Amayamba ndi mapazi. Pomwe muzifika kuti mupereke moni, iwo amakhala atadziwa kale kuti nsapato yanu yakumanzere inadyekera kunja, ndipo ngati mumazolowerana nawo amakuuzani pomwepo kuti msana udzakuvutani musanachite imvi. Dzinali linachokera pamenepo. Dzina la pachitupa chawo amalidziwa ndi a ku ofesi okha, mwinanso mayi akunyumba akapsa mtima.

Amagwira ntchito kuseri kwa chipatala, kupitirira kochapira zovala, m'nyumba yaitali imene anthu amangoti ku shopu ya miyendo. Kumeneko ndi kumene amapanga miyendo yoikirira ya anthu oduka mwendo, ndi zochirikizira miyendo ya ana olumala. Mukalowa, fumbi loyera la pulasitala limakulandirani pakhomo, kenako fungo la guluu ndi la pulasitiki wotentha. Muli uvuni umodzi waukulu, kachipinda ka makina opalira, zitsulo ziwiri zazitali zogwirira poyesa kuyenda, ndi mabenchi awiri. Benchi lina ndi la a Chidendene. Linalo mwini wake anapuma pantchito zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo pano pamangokhala ketulo ndi makapu.

Munthuyu sanayambire pamwamba ayi. Anali wosoka nsapato pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi geti la chipatala. Tsiku lina mkulu wa shopu wa masiku amenewo anawabweretsera nsapato ya mwana wa mwendo umodzi waufupi kuti aikweze kunsi. A Chidendene anakana kuigwira asanaone mwanayo akuyenda. Mkuluyo anadabwa, n'kukamutenga mwana, ndipo ataona mmene nsapato inatulukira anati, "Iwe, pakhonde pano ukuonongekapo." Anayamba ndi kusesa, n'kubwera pa kusoka malamba, kenako anawatumiza kukosi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tsopano. Ana awo anayi anaphunzira ndi fumbi lomwelo, ndipo woyamba uja akamalemba ntchito ya bambo ake pa mapepala a kusukulu ankalemba kuti "amayendetsa anthu", aphunzitsi n'kumayesa kuti ndi dalaivala.

Koma munthu wopanda chilema kulibe. A Chidendene anali wakuba. Osati wa zipangizo, aaa, msomali umodzi sanatulukepo nawo. Ankaba ntchito. Anzake onse akaweruka faivi koloko, iwo ankatuluka nawo bwinobwino, kuzungulira kochapira zovala, n'kubwereranso. Alonda a kugeti lakumbuyo ankawatsekulira. Zaka ndi zaka zinkayenda choncho, popanda pepala, popanda wodziwa. M'mawa anthu ankangopeza mwendo waima pabenchi ngati wamera usiku, eni ake ali phee, akumwa tiyi.

Zinaululika tsiku limene makina opalira anawakola mkono wa ovolosi ali okhaokha. Mwayi wake anafikira switchi ndi bondo. Chala chimodzi chinapindika mpaka lero. Iwo analandira kalata ya chenjezo, alonda aja anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, ndipo pakhoma panakhomedwa lamulo limene linalipo kalekale koma palibe ankaliwerenga. Wofuna kugwira ovataimu alembe fomu isanakwane fili koloko, atchule nambala ya khadi la ntchitoyo, maola amene akufuna, chifukwa chake, ndi dzina la munthu wachiwiri wokhala naye. Oyang'anira akapanda kusaina, makina asalire.

Zinawapweteka kwambiri a Chidendene. "Ine ndi imvi zangazi ndizikapempha chilolezo chogwira ntchito, ngati mwana wopempha kutuluka m'kalasi?" Kuyambira pamenepo faivi ikangokwana ankavula ovolosi, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kutuluka khosi lili gwa. Zaka zitatu, fomu ija sanaikhudzeko. Kunyumba mayi anayamba kudandaula kuti bambo akufika msanga n'kumakonza mipando yosathyoka.

Chinkawawitsa nkhaniyi n'chakuti wosaina fomuyo anali mwana wa dzulodzuloli. Abwana a panopa anafika pashopupo ali mtsikana wa kukoleji, wosadziwa ngakhale kukanda pulasitala, ndipo anali a Chidendene amene anamuphunzitsa kugwira tupa. Anapitiriza sukulu, anabwera ndi mapepala, n'kukhala woyang'anira. Ndiye amene amaona odwala ndi kuwayeza, ndiponso amasunga mzere wa makhadi: bolodi lapakhoma pomwe ntchito iliyonse imadikira nthawi yake, zachangu zitamatidwa kapepala kofiira. Iye amawatchula kuti Amisiri, mwaulemu wonse. Iwo amamuyankha kuti Abwana, mawuwo akutuluka ngati akumeza mankhwala owawa.

Sabata imene tikunenayi, Lolemba, inafika galimoto ya chipatala chaching'ono chakutali imene imabweretsa odwala kamodzi pa miyezi itatu, n'kubwerera nawo Loweruka teni koloko m'mawa. Munali ana awiri ofuna zochirikizira, ndi mayi wina wamtali, wa mawu aakulu, wophikira ana pasukulu ina. Mayiyu anaduka mwendo m'munsi mwa bondo kalekale, ndipo wakhala akuyendera mwendo woikirira kwa zaka zisanu ndi zitatu, kuumanga ndi mphira pomwe wang'aluka, mpaka unathyokeratu. Anafika ndi ndodo zobwereka.

"Bambo, ine sindinabwere kudzacheza," anatero kwa a Chidendene pomwe Abwana ankamuyeza. "Sukulu ikutsekulira Lolemba likubwerali. Ahedi anena kuti ndikapanda kuima pamoto tsiku limenelo aikapo wina, ndipo sindikuwada, ana sangadye chisoni. Ndi ndodozi mphika sindingaunyamule."

"Loweruka mukwera galimoto ndi miyendo iwiri, mayi," anatero a Chidendene.

Mwendo woikirira, ntchito yonse ili pa soketi, chikho chija cholowamo mwendo wotsalawo. Amayamba ndi kuumba chikombole cha pulasitala chofanana ndi mwendo wa munthuyo, kenako mmisiri amapala pena, n'kuonjezera pena, kuti thupi likatsamire pa mnofu, osati pa fupa. Apa ndi pamene a Chidendene amatchukira. Koma sabata imeneyo makhadi anali mbwee, manja ankathamanga, ndipo anapala mopitiriza. Lachinayi poyesa, mayi uja anangoponda kawiri n'kuluma mano. Atavula, khungu linali litafiira kunja kwa bondo pomwe pali kafupa. Anayesa kufewetsa pamalopo ndi moto kuti pafutukuke, koma soketi yonse inali yothina. Panalibe kuchitira mwina, inafunika ina.

Madzulo omwewo anathira chikombole chatsopano. Khadi la wophika linabwerera pabolodi ndi kapepala kake kofiira, koma kutsogolo kwake kunali makhadi awiri ofiiranso, a ana aja, okwera galimoto yomweyo. Sungachotse mwana pamzere kuti ukonze cholakwa chako. Ndipo uvuni ndi umodzi, manja ndi awiri.

Lachisanu masana anawerengera mobwerezabwereza, n'kumapeza chimodzimodzi. Za ana zithera cha m'ma hafu folo. Pulasitiki wa soketi angalowe mu uvuni faivi itakwana. Kumukuta pachikombole ndi zonse, maola awiri. Kenako agone pomwepo mpaka m'mawa, chifukwa ukamuchotsa asanazizire bwino amakhwinyata, n'kuthinanso. Loweruka kudula, kupala, kumanga phazi ndi kuyesa, maola enanso awiri. Maola anayi, onse kunja kwa nthawi ya ntchito.

Mtima wakale uja unawanong'oneza. Geti lakumbuyo likadalipo. Koma alonda omwe aja akadali pomwepo, ndi ana asanu, ndipo kachiwiri sangapulumuke. Komanso pulasitiki wotentha sakutidwa ndi munthu mmodzi, pokhapokha ngati ukufuna kumuononga. A Chidendene anapukuta manja, napita pakhoma pomwe pamapachikidwa mafomu.

Pafupi pomwepo pamakhala Wailesi, mayi wosoka malamba ndi zikopa, amene pakamwa pake sipazima ngakhale magetsi atazima. Anaimitsa makina ake.

"Abale inu! Ndikuona bwino kapena ndi maso angawa? A Chidendene agwira fomu! Dikirani ndikaitane ojambula."

"Usandisokose. Uli ndi zochita madzulo ano?"

"Ndili nazo zambiri. Bwanji?"

"Pakufunika munthu wachiwiri."

"Ndiye mukundiuza kapena mukundipempha? Paja ovataimu sakakamiza, zalembedwa apo."

A Chidendene anayang'ana kudenga. "Ndikukupempha, mlongo wanga. Lero maola awiri, mawa m'mawa awiri."

"Eyaa, tsopano mwayankhula ngati munthu. Lembani dzina langa, koma mulembe bwino, osati ngati nkhuku yapalasa."

Nambala ya khadi analemba msanga. Maola analemba. Atafika pa bokosi la chifukwa, cholembera chinaima. Kunena zoona, Lachitatu magetsi anazimadi kwa ola limodzi, ndipo aliyense m'chipatala anaona. Kulemba kuti "magetsi" kukanatha ndi mawu amodzi, popanda wofunsa. Pepalali silithera pa Abwana, limakwera mpaka ku maofesi a pamwamba, kwa anthu amene amamva zoti kuseri kuno kuli mkulu wina amene salakwitsa. Anakhala pamenepo mpaka Wailesi anasuzumira.

"Mwaiwala sipelo?"

A Chidendene anaweramira pafomu. Analemba ndi zilembo zikuluzikulu: "Soketi yoyamba ndinaithinitsa ndine. Ikufunika ina. Wodwala anyamuka Loweruka teni koloko, ndipo akapanda mwendo ntchito imuthera." Nthawi inali itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane fili.

Ofesi ya Abwana ndi kachipinda kamagalasi pakona ya shopu. Kuchoka pabenchi kukafika pamenepo ndi mapazi khumi ndi awiri okha, koma tsiku limenelo unali ulendo. Anagogoda, chinthu chimene sanachitepo.

"Lowani, Amisiri. Khalani."

"Ndiima, Abwana. Ndabwera kudzapempha ovataimu."

Abwana sanaseke, ndipo apa mpofunika kumuyamikira mtsikanayu. Analandira pepala ndi manja awiri, n'kuliwerenga lonse mpaka pansi.

"Palibe khadi lomwe tingalibweze m'mbuyo kuti ili lilowe nthawi ya ntchito?"

"Awiri ali patsogolowo ndi ana a galimoto yomweyo. Onse ofiira."

"Galimotoyo singadikire mpaka Lolemba?"

"Ndafunsa adalaivala. Lolemba ili ndi ulendo wa amayi oyembekezera. Komanso Lolembalo ndi limene mayiyu akufunika kuntchito."

"Wachiwiri wavomera yekha?"

"Wavomera, atandizunza kaye."

Abwana analoza bokosi la chifukwa. "Apa mwalemba chonchi. Mukudziwa kuti zikawerengedwa kumwamba?"

"Ndikudziwa. Ndinapala ndine. Magetsi sagwira tupa."

Mtsikana uja anayang'ananso pepalalo. Kenako anatenga cholembera, n'kuonjezera mzere wake m'munsi mwa mawu awo, akuwerenga mokweza: "Mmisiri ndi mmodzi. Makhadi odikira ndi makumi anayi ndi limodzi." Anasaina.

"Za malipiro zisakuvuteni," anatero a Chidendene. "Ine sindinabwerere zimenezo. Kale ndinkagwira ulere, palibe anafa."

"Maola a mwezi uno olipira anatha kale, ndiye mudzapuma tsiku lina m'malo mwake, ndipo mudzapumadi. Koma Amisiri, mundilole ndinene mawu amodzi, mwana kwa bambo ake." Anatsekula kabati, natulutsa faelo. "Aka n'kachitatu ndikulemba kalata yopempha munthu wa pabenchi lija. Mukudziwa a kumwamba amandiyankha chiyani? Amatsekula mabuku a zaka zija, n'kundionetsa. Amati taonani, munthu mmodzi ankatha ntchito yonseyi pofika faivi koloko, popanda ovataimu ngakhale ola limodzi, ndiye wachiwiri wa chiyani? Zaka zitatu izi mzere watalika, akuti mwina mkuluyo wayamba ulesi. Ine ndimadziwa kuti miyendo ija inkapangidwa dzuwa litalowa. Koma pepala silidziwa."

A Chidendene anakhala pampando uja anaukana. Zaka zonsezo ankayesa kuti akuthandiza shopu. Ankanyadira kuti palibe anawaonapo akupempha. Osadziwa kuti benchi lija analisandutsa poika ketulo ndi iwo omwe. Manyazi anawagwira, osati pang'ono.

"Ndiye ndinadzitchera ndekha msampha," anatero.

"Munayendetsa anthu ambiri, zimenezo palibe angakulandeni. Koma fomu iyi ndi yoyamba imene ndingapite nayo kumwamba n'kunena kuti onani." Anayang'ana wotchi n'kudzambatuka. "Za lero ndasaina ine, zatha. Za Loweruka mpaka asainenso oyang'anira chipatala, ndipo Lachisanu sachedwa kutuluka. Kapitirizeni za ana."

A Chidendene anamuona pawindo akudutsa kochapira zovala, pepala m'manja, akuthamanga ndi nsapato zake zazitali zija zimene iwo akhala akumuuza kuti zidzamupha mawondo. Anabwera patapita theka la ola, thukuta lili kamukamu. Anawapeza oyang'anira aja ali kale m'galimoto, ndipo anasainira pa chiwongolero. Kope imodzi ya fomu anakaisiya kwa alonda.

Faivi itakwana anthu a m'chipatala anayamba kutuluka, ndipo a Chidendene sanavule ovolosi. Chitseko cha shopu chinali chotsekula, mawindo otsekula, makina akulira poyera. Anayamba ndi kansalu kofewa ka mkati, n'kukakuta pachikombole. Kenako pulasitiki analowa mu uvuni ali woyera ngati mkaka, ndipo anamudikira mpaka anayamba kuonekera ngati galasi.

"Magolovesi, Wailesi. Ukagwira ngodya zako usayankhule."

"Ndiye mukufuna ndife?"

Anamunyamula awiri, wofewa, akulendewera, n'kumugoneka pachikombole. A Chidendene anatsina msoko kumbuyo, kumanga kunsi, n'kuponda makina okoka mpweya. Pulasitiki anakakamira chikombole monse, osasiya khwinya ngakhale limodzi. Anadula zotsalira akadali wotentha. Chala chopindika chija chinayenda pamalo a kafupa kawiri, katatu.

"Wakhala," anatero.

Wailesi anatulutsa mpweya. "Mphindi zitatu zathunthu ndili duu! Mukalembe pafomupo, akandipatse mendulo."

Seveni koloko anazimitsa uvuni, natseka. Kugeti alonda anatulutsa buku kuti asaine nthawi yotuluka, akumwetulira. "Lero mwatulukira khomo la anthu, bambo."

Loweruka anafika dzuwa likungotuluka, n'kudikira panja mpaka seveni ikwane, chifukwa fomu inati seveni. Anaswa pulasitala wa mkati, kudula milomo ya soketi, kuipala mpaka kusalala, n'kumanga chitsulo ndi phazi. Cha m'ma eyiti mayi wophika analowa ndi ndodo zake, Abwana ali pambuyo atavala zakunyumba, ati angodutsa.

Mayiyo anavala sokosi, nalowetsa mwendo. Anaima pakati pa zitsulo zija. Anaponda kamodzi, nkhope ili tcheru kudikira ululu wa Lachinayi. Anapondanso. Anafika kumapeto, n'kutembenuka, n'kubwerera osagwira chitsulo. A Chidendene anali atagwada pansi, tsaya pafupi ndi simenti.

"Imani. Phazi likuyang'ana kunja pang'ono." Analisuntha, namanganso. "Yendaninso."

Anamuyendetsa kwa mphindi makumi awiri, kenako anamuvula n'kuyang'ana khungu. Panalibe pofiira. Mayiyo anavalanso yekha, maso ake akuzungulira m'shopumo, mpaka anaona ndowa yodzaza madzi imene amakandira pulasitala.

"Kuyenda chabe si ntchito yanga," anatero. "Ndiloleni."

Asanamuyankhe anawerama, kuinyamula, n'kuisenza pamutu. Wailesi anagwira pakamwa. Mayi uja anayenda kuchoka pa uvuni mpaka pakhomo, kutsika sitepe, kuzungulira pabwalo, n'kubwera kudzaitula pomwe anaitenga. Dontho silinagwe.

"Bambo," anatero, mawu aakulu aja atachepa, "mwandibwezera ntchito yanga."

"Ndinakuchedwetsani ndine, mayi. Yoyamba ija ndinalakwitsa."

"Aaa, inenso ndimapsereza. Chachikulu ana adye."

A Chidendene anaseka mpaka misozi, ndipo ananyada, kunyada kwenikweni, kosabisa. Anamulangiza kuti akaona pofiira posachoka asalimbe mtima, auze a kuchipatala chakwawo aimbe foni. Analemba pafomu nthawi imene anamaliza, mphindi khumi isanakwane naini, n'kuipereka kwa Abwana pamaso pa onse. Teni koloko galimoto inanyamuka ndi ana awiri aja ndi mayi wophika atakhala kutsogolo, akukangana ndi adalaivala za njira yachidule.

Lolemba ana mazana atatu a pasukulu ija anadya pa nthawi yake, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anayang'ana pansi kuti aone chimene wophika waimira.